Kwacha ya malonjezo a pa wailesi imabweretsa zingati?

Tiyerekeze sitolo ya zipangizo zomangira imene yakhala ikulipira wailesi kuti ilengeze katundu wake kwa miyezi 5. Ndalama zolengezera, m'zikwi za makwacha, zinali 100, 200, 300, 400 ndi 500. Zogulitsa zinali 900, 1,300, 1,400, 1,900 ndi 2,000.

Mukaika manambalawa pa pepala la galafu, madontho 5 amakwera koma sagona pa mzere umodzi. Akatswiri amajambula mzere wowongoka wodutsa pafupi kwambiri ndi madontho onse. Mu Excel, `SLOPE` ndi `INTERCEPT` zimaupeza:

```
y = 660 + 2.8x
```

Nambala yofunika ndi 2.8. Kwacha iliyonse yowonjezera pa kulengeza inayendera limodzi ndi K2.80 ya zogulitsa. Komatu zogulitsa si phindu. Ngati sitolo imatsala ndi 25 tambala pa kwacha iliyonse, K2.80 ija imasiya 70 tambala basi, ndiye kulengezako kukudya ndalama.

Chenjeraninso ndi nyengo. Ngati miyezi yolengeza kwambiri inali yokolola, anthu akanagula malata ngakhale wailesi ikanakhala chete, ndipo mzerewo sungasiyanitse ziwirizi.