Kachitsulo ndi Tizitsulo: Za Malire a Infulekishoni ndi Deriveshoni m'Chinyanja

Pophunzitsa kapangidwe ka mawu timasiyanitsa njira ziwiri. Infulekishoni imasintha maonekedwe a liwu potsata zofuna za chiganizo, monga nthawi ndi mgwirizano: mu "kampani inalemba antchito", i- ndi -na- sizipanga liwu latsopano. Deriveshoni imabala liwu lina, monga "mlembi" kuchokera ku muzu -lemb-. Greenberg (1963) adaona kuti zonse ziwiri zikakhala mbali imodzi ya muzu, deriveshoni ndiyo imayandikana ndi muzuwo, pomwe infulekishoni imakhala kunja. Mneni wa Chinyanja sautsutsa mfundoyi: mu "analembera", -er- waphatikizika ku muzu, ndipo -a womaliza ali kunja kwake.

Vuto limabuka tikafika ku magulu a mayina. Titenge liwu lomveka tsiku ndi tsiku pakati pa owotcherera a ku Heavy Industrial Area mu Lusaka: chitsulo, zitsulo. Apa chi- ndi zi- zikungosonyeza chimodzi kapena zambiri, choncho ambiri amati ndi infulekishoni. Koma wowotcherera akafuna chidutswa chaching'ono amati "kachitsulo", ndipo akafuna zingapo amati "tizitsulo". Mphatikiri ka- wawonjeza tanthauzo la kuchepa, nthawi zina la kunyoza, ndi kusamutsira dzinalo m'gulu 12. Imeneyi ndi ntchito ya deriveshoni. Komabe ka- yemweyo ndiye akulamulira agwirizanitsi: "kachitsulo kanga kagwa", osati "changa chagwa". Tikatsata Anderson (1982), amene adati infulekishoni ndi mbali ya kapangidwe ka mawu yokhudza malamulo a chiganizo, ka- akugweranso ku infulekishoni.

"Tizitsulo" ndi lovuta koposa. Tikaligawa tipeza ti-zi-tsulo: zi- wa kuchuluka ali m'kati, ti- wa kuchepetsa ali kunja, ndipo kuchuluka kwasonyezedwa kawiri. Ndondomeko ya Greenberg ikuoneka ngati yatembenuka. Olankhula ambiri a ku Kanyama, Matero ndi Chawama amanena tu- m'malo mwa ti-, monga "tumabuloko", koma kasanjidwe kake ndi komweko.

Maganizo a Booij (1996) akuthandiza pano. Iye adagawa infulekishoni pawiri: yosankhidwa ndi wolankhula potsata tanthauzo, monga kuchuluka kwa dzina, ndi yokakamizidwa ndi chiganizo, monga mgwirizano. Yoyambayo imatha kukhala m'kati mwa deriveshoni. Yachiwiriyo kawirikawiri sitero. Mwa ichi zi- wa mu "tizitsulo" sadabwitsa, pakuti ndi wa mtundu woyamba.

Ife tikuona kuti mphunzitsi asafunse ophunzira ngati ka- "ndi" infulekishoni kapena deriveshoni. Awapatse "kachitsulo" ndi "kalulu", apange ziganizo. Adzapeza "kachitsulo kathawa m'manja" koma "kalulu wathawa", ndipo ka- wa kalulu sangachotsedwe n'kutsala dzina.