Lipoti la pa sabata la ntchito yomanga: zimene zachitika, chimene chachedwetsa, ndi zotsatira

Lachisanu madzulo, pa malo ambiri omangapo, kapitawo amatumiza uthenga wa mizere iwiri kwa mwini ntchito: "Ntchito ikuyenda bwino bwana, tili pa 80 peresenti. Tinangovutika pang'ono ndi mvula." Pansi pake pamabwera zithunzi zisanu za khoma lomwe lija, lojambulidwa mbali zosiyanasiyana. Mwini ntchito amawerenga, mtima n'kukhala pansi. Sabata yotsatira uthenga umati 85, inayo 90, ndipo pa 90 pamenepo ntchito imatha mwezi wathunthu osasuntha. Kapitawoyo mwina sananame dala. Vuto n'lakuti mu uthenga wotere mulibe chilichonse chimene munthu angapite nacho pamalopo n'kukachiyeza ndi tepi.

Lipoti la pa sabata amalilembera munthu amene sali pamalopo koma ali ndi chochita: wolipira ndalama, injiniya woyenera kuyankha funso, komiti ya sukulu yoyenera kukonza zoti ana adzalowe liti m'makalasi. Choncho chiganizo chilichonse chiyenera kukhala choti wina angachitsimikize, kapena choti chimuuze zoti achite.

Tiyerekeze kuti kontilakitala akumanga buloko ya makalasi awiri pa sukulu ya pulayimale. Mgwirizano ndi wa masabata 16, ndipo ntchito ikuyenera kutha pa 18 Epulo. Tili kumapeto kwa sabata ya nambala 7, Lachisanu pa 14 Febuluwale, mkati mwa dzinja. Akumangira mabuloko a simenti, chifukwa malamulo amene adakhazikitsidwa m'chaka cha 2018 amaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomangamanga za boma. Malinga ndi ndondomeko ya ntchito, makoma onse amayenera kukhala atafika pa lintala pofika lero.

Poyambira ndi muyeso. Makoma a buloko imeneyi, kuchokera pa silabu kufika pa lintala, tikachotsa mipata ya zitseko ndi mawindo, ndi masikweya mita 96. Buloko yotalika mamilimita 400 ndi 200 m'mwamba imalowa 12 ndi theka pa sikweya mita imodzi, ndiye kuti khoma lonse likufuna mabuloko 1,200. Sabata yatha amisiri adayala 200. Sabata ino amayenera kuyala 1,000 otsalawo, pakuti amisiri anayi, aliyense akamayala 50 pa tsiku, amakwanitsa 200 tsiku lililonse. Koma ayala 600 okha. Mu lipoti nkhaniyi ilembedwe motere: "Makoma: tinakonza kuyala mabuloko 1,000 sabata ino, tayala 600. Onse pamodzi afika 800 mwa 1,200. Khoma lakutsogolo ndi lam'mbali chakummawa afika pa lintala. Lakumbuyo ndi lapakati atsala. Atsala mabuloko 400, ntchito ya masiku awiri."

Manambala amenewa ndi atatu basi: zimene tinakonza, zimene tachita, ndi pamene tafika pa ntchito yonse ya khomalo. Nambala ya zochitika ikabwera yokha imasocheretsa. Mabuloko 600 amamveka ambiri mpaka munthu atamva kuti amayenera kukhala 1,000.

Pali zinthu ziwiri zimene zimakonda kulowerera m'gawo limeneli ngati ntchito yochitika pamene si ntchito. Choyamba ndi katundu wofika pamalo. Malata 80 atatsitsidwa m'lole n'kusungidwa mu sitolo si denga ayi. Alembedwe pa mzere wa katundu, pamodzi ndi matumba a simenti amene atsala. Chachiwiri ndi ndalama. Kunena kuti theka la ndalama lagwiritsidwa ntchito sikutanthauza kuti theka la nyumba lamangidwa, ndipo eni ntchito ambiri amadzadzidzimuka mochedwa chifukwa chosakaniza ziwirizi. Ntchito imene yamangidwa koma injiniya waikana, monga khoma lopendekera loyenera kugumulidwa, nayonso isawerengedwe.

Gawo la zochedwetsa ndilo limavuta kulemba, chifukwa limakhudza anthu. Komanso ndilo limadzatsegulidwanso miyezi ikapita, pamene kontilakitala akupempha masiku owonjezera, mwini ntchito akufuna kumudula ndalama za kuchedwa. Chochedwetsa chilichonse chinene tsiku, chimene chinachitika, ntchito imene inaima, ndi nthawi imene inatayika. Pa buloko yathu ija zilipo ziwiri. "Lachiwiri pa 11 Febuluwale mvula inagwa kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 2 koloko masana. Sitinayale buloko iliyonse. Tataya tsiku limodzi." Chinacho: "Lachinayi pa 13 Febuluwale simenti inatha. Oda yathu inapita Lachitatu m'malo mwa Lolemba, ndipo matumba 100 anafika 4 koloko madzulo. Amisiri anayi ndi owathandiza sanagwire ntchito ya khoma. Tataya tsiku limodzi."

Chiganizo chonena za oda yochedwa chimawawa kuchilemba, ndipo akapitawo ambiri amachikwirira pansi pa mvula n'kulemba kuti "mvula yatichedwetsa masiku awiri". Ine ndimati chilembedwe momwe chilili. Aphunzitsi a pasukulupo amadziwa bwino kuti Lachinayi kunawala dzuwa, ndipo bodza limodzi lotere likagwidwa, ngakhale masiku enieni a mvula sawakhulupiriranso. Kusiyanitsaku kuli ndi ntchito yake pa mgwirizano. Tsiku lotayika chifukwa cha oda yochedwa ndi mtolo wa kontilakitala. Tsiku lotayika chifukwa mwini ntchito wachedwa kulipira kapena kupereka mapulani likhoza kubwezedwa. Za mvula n'zovutirapo: migwirizano yambiri imawonjezera nthawi pokhapokha nyengo ikaipa mopitirira zimene zimayembekezeka. Mvula ya tsiku limodzi mu Febuluwale si chodabwitsa ku Malawi, ndipo kontilakitala amayenera kuiwerengeratu popanga ndondomeko. Namondwe Freddy, amene adakokolola misewu ndi milatho m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, ndi nkhani ina.

Apa pali msampha umene wagwetsa makontilakitala ang'onoang'ono ambiri. Kulemba chochedwetsa mu lipoti la pa sabata si kupempha masiku owonjezera. Pempho limakhala kalata yakeyake, yotumizidwa m'nthawi imene mgwirizano wanena. Migwirizano ya FIDIC, imene imagwiritsidwa ntchito pa zomangamanga zikuluzikulu, imapereka masiku 28 kuchokera pamene kontilakitala wadziwa za vutolo, ndipo akadutsitsa akhoza kutaya ufulu wake wonse. Lipoti ndi umboni wothandiza kalatayo, koma sililowa m'malo mwake.

Wowerenga akamva za masiku awiri otayika, funso lake limakhala limodzi: kodi tsiku lomalizira lasuntha? Si kuchedwa kulikonse kumene kumalisuntha. Kusalaza bwalo kutachedwa ndi sabata, palibe ntchito ina imene ingaime. Koma bimu siingathiridwe khoma lisanafike pa lintala, denga silingakwere bimu isanalimbe, ndipo pulasitala ya mkati imadikira denga. Ntchito zolumikizana chonchi, imodzi ikatsalira, zonse zimatsalira. Lipoti linene poyera: "Tatsalira ndi masiku awiri pa ntchito ya makoma. Tikapanda kuchitapo kanthu, tidzamaliza pa 22 Epulo m'malo mwa pa 18. Tikufuna kubweza masikuwa pogwira ntchito Loweruka pa 15 ndi pa 22 Febuluwale." Kulonjeza kuti "tiyesetsa kuthamanga" si njira yobwezera nthawi. Njira ndi kuwonjezera amisiri, masiku kapena maola, ndipo iyenera kutchulidwa.

Gawo la zotsatira lisakhale mndandanda wa zofuna za mtima. Ntchito iliyonse ikhale ndi mwini wake ndi tsiku lake. Ngati Loweruka lino agwiradi ntchito, makoma atha Lolemba pa 17. Lachiwiri ndi Lachitatu akalipentala akhoma matabwa a bimu, opinda zitsulo akumanga zitsulo zake. Lachinayi pa 20 injiniya abwere kudzayendera, ndipo Lachisanu konkire ithiridwe. Tsiku la injiniya ndi lofunika kwambiri, chifukwa konkire ikangothiridwa palibenso angawerenge zitsulo zimene zili mkati. Lipoti linenenso kuti bimuyo izithiriridwa madzi kwa masiku osachepera 7, ndiponso ngati patengedwe zitsanzo za konkire zokayeza, zimene kawirikawiri amaziphwanya pa makina pakatha masiku 7 ndi masiku 28.

M'gawo lomweli ndi momwe mumalowa mzere umene ndimauona wamtengo wapatali kuposa yonse: vuto limene silinachedwetse kanthu, koma lili panjira. Pa buloko yathu, pulani ikusonyeza zitsulo zinayi za mamilimita 12 mu bimu, pamene mndandanda wa katundu ukunena za mamilimita 10. Kapitawo anafunsa Lachitatu, yankho silinabwere. Alembe motere: "Tikudikira yankho la a injiniya pa kukula kwa zitsulo za bimu, tinafunsa pa 12 Febuluwale. Tikulifuna pofika Lolemba pa 17 masana kuti tigule zitsulo. Likachedwa, kuthira konkire kwa pa 21 kusuntha." Mzere wotere sunyoza munthu. Umangoika funso, mwini funso ndi tsiku pamalo amodzi, ndipo uyenera kukhala pamwamba pa tsamba kuti ngakhale wowerenga mothamanga awuone.

Zonsezi sizingatheke ngati kapitawo akudalira mutu wake Lachisanu madzulo. Manambala amachokera m'kabuku ka tsiku ndi tsiku, kamene amalembamo asanaweruke: anthu angati anabwera, mabuloko angati ayalidwa, matumba angati atuluka mu sitolo, mvula inayamba ndi kukata nthawi yanji, ndani anabwera kudzayendera ndipo analamula chiyani. Ngozi, ngakhale yaing'ono ngati munthu kupondedwa ndi buloko, ilembedwenso, ndipo ngati panalibe, lipoti linene kuti panalibe. Zithunzi zijambulidwe pa malo omwewo sabata iliyonse, ngodya zinayi za nyumba, kuti woona athe kuyerekeza cha lero ndi cha sabata yatha. Chithunzi cha khoma lokongola lokhalokha ndi chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere. Pa ntchito ya kukula kotere, tsamba limodzi ndi zithunzi zinayi n'zokwanira.

Izi si za makontilakitala a boma okha. Inu amene muli ku Joni kapena ku Mangalande, mukutumiza ndalama kuti achimwene akumangireni nyumba kumudzi, gwirizanani ndi mmisiri wanu ntchito isanayambe kuti Lachisanu lililonse azikutumizirani pa WhatsApp njerwa zimene anakonza kuyala ndi zimene wayala, matumba a simenti amene atsala, tsiku lililonse lotayika ndi chifukwa chake, komanso chimene akudikira kuchokera kwa inu. Akalemba kuti akudikira yankho lanu pofika Lolemba, muyankheni Lolemba lisanadutse.