Tsitsi lina ndi velo ina pa chithunzi cha ukwati: kodi zimatheka?

Ukwati ukatha, matenti atapasulidwa ndipo mapoto obwereka atabwezedwa kwa eni ake, wojambula zithunzi amakhala kuti wangoyamba kumene ntchito. Amasankha zithunzi, kuzikonza kuwala ndi mtundu, n'kutumizira banja latsopanolo kuti lisankhe zoika mu alubamu. Ndiyeno nthawi zina kumabwera kalata, masiku ano kawirikawiri kudzera pa foni, yochokera kwa mkwatibwi amene wadziona bwinobwino kwa nthawi yoyamba ndipo sanakhutire.

Tiyerekeze kalata yotere, yopita kwa wojambula wachinyamata wa mu Lilongwe: "Zikomo achimwene, zithunzi ndaziona ndipo mwagwira ntchito yabwino. Koma ndili ndi pempho. Wigi ija sinandikhale, inaterera kutsogolo chifukwa cha thukuta, ndiye chipumi chikuoneka chaching'ono. Ndikufuna mundiike tsitsi lomanga kumbuyo ngati la pa chithunzi ndakutumiziranichi. Velonso ija inali yaifupi, mundiikeko yaitali yokwekwa pansi. Ndikudziwa kuti inu pa kompyuta simulephera."

Mawu otsirizawo ndi amene amapweteketsa mutu wojambula. Anthu ambiri amaganiza kuti kusintha tsitsi n'chimodzimodzi ndi kufufuta kachiphuphu patsaya. Kachiphuphu kamachoka m'kanthawi kochepa, chifukwa khungu lozungulira lilipo ndipo wokonza amangotapa pang'ono n'kuphimba. Tsitsi ndi velo ndi nkhani ina, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumva: kamera imasunga zokhazo zimene inaona.

Mkwatibwi wathuyu anavala wigi yaitali yogwera m'mapewa. Tsitsilo linabisa makutu, ndolo, mbali ya khosi, mkanda ndi zingwe za diresi. Kuti aoneke atamanga tsitsi kumbuyo, zonsezi ziyenera kuonekera, koma pa chithunzipo palibe. Wojambula ayenera kusakasaka m'zithunzi zina za tsikulo, mwina apeze pamene mphepo inakankha tsitsi n'kuonetsa khutu, alidule n'kulibweretsa. Akalephera, ajambule yekha khosi ndi khutu zongopeka, ndipo apa m'pamene mayi ake a mkwatibwi amayang'ana chithunzi n'kunena kuti mwana wawo si ameneyu. Pempho likanakhala lotembenuza, loti tsitsi lomanga lisanduke logwera m'mapewa, ntchito ikanapepukako, popeza kuphimba chimene chilipo n'kosavuta kusiyana ndi kulenga chimene kulibe.

Palinso m'mphepete mwa tsitsi. Munthu akayang'anitsitsa chithunzi chenicheni, amaona timatsitsi ting'onoting'ono totuluka m'mbali, tosakanikirana ndi masamba kapena khoma lakumbuyo. Tsitsi lodulidwa kwina n'kumatidwa limakhala ndi malire osalala kwambiri, ngati chipewa. Pamzere umene tsitsi limakumana ndi chipumi m'povutanso koposa, chifukwa diso la munthu linazolowera nkhope ndipo limazindikira msanga mzerewo ukakwera kapena kutsika pang'ono chabe.

Velo imaposa pamenepo. Nsalu yake ndi ya ukonde wopyapyala, yoonekera mkati, kotero kadontho kalikonse ka chithunzi pamalo pamene pali velo n'kosakaniza zinthu ziwiri, kuyera kwa nsalu ndi mtundu wa chimene chili kuseri kwake: phewa, suti ya mkwati, maluwa, nkhope ya woperekeza. Pochotsa velo yakale, wokonza ayenera kubwezeretsa mtundu wa zonsezo. Poika yatsopano, njira yodalirika ndi kujambula velo yeniyeni payokha patsogolo pa nsalu yakuda, n'kuisanjika pamwamba pa chithunzi mu Photoshop pogwiritsa ntchito `Screen`, yomwe imachititsa kuti chakuda chizimiririke n'kutsala choyera chokha. Kenako amafufuta mbali za velo zimene ziyenera kubisika kuseri kwa mkono kapena kwa mkwati. Velo yokwekwa pansi, imene kutalika kwake kumafika pafupifupi mamita 3, imafunanso kuti igone pa udzu kapena pa masitepe a tchalitchi mopindika ngati nsalu yeniyeni, ndipo iponye chithunzithunzi chake. Popanda chithunzithunzicho imaoneka yoyandama.

Chinanso chimene mkwatibwi sanaganizire n'chakuti zinthu ziwiri wapemphazi n'zolumikizana. Velo imagwira pamutu ndi kachipeso. Pa wigi yogwera pansi kachipesoko kamakhala pamwamba, chapaliwombo, koma pa tsitsi lomanga kumbuyo kamalowa pamwamba kapena pansi pa mfundo ya tsitsilo. Tsitsi likasintha, malo oyambira velo amasinthanso, ndipo kagwedwe kake konse kamasintha. Ndiye wojambula sangachite chimodzi n'kusiya chinzake.

Kuwala nako kumaulula. Ngati pa tsikulo dzuwa linali kudzanja lamanja, chithunzithunzi cha mphuno chimagwera kumanzere, ndipo tsitsi liyenera kunyezimira kumanja. Chithunzi chimene mkwatibwi watumiza ngati chitsanzo mwina chinajambulidwa m'saluni, pansi pa magetsi, mutu utapendekera kwina. Chingathandize kusonyeza chimene akufuna, koma sichingadulidwe n'kumatidwa, ndipo n'cha mwini wake amene sanapereke chilolezo.

Kuti zolakwika zazing'ono zimagwidwa, dziko lonse linaona mu Malichi 2024. Banja lachifumu la ku Britain linatulutsa chithunzi cha Catherine, mkazi wa Kalonga William, ali ndi ana ake atatu. Pasanathe tsiku, makampani ofalitsa nkhani a AP, Reuters ndi AFP anachichotsa atazindikira kuti chinakonzedwa, ndipo chimodzi mwa zizindikiro chinali pa dzanja la mwana wamkazi, Charlotte, pamene mkono wa juzi sunalumikizane bwino. Catherine anapepesa tsiku lotsatira. Pamenepo panali pa mkono wa juzi chabe. Nanga mutu wonse wa mkwatibwi, umene aliyense wotsegula alubamu amayamba kuyang'ana?

Wojambula wodziwa ntchito sayankha kalatayi ndi "inde" kapena "ayi". Amatsegula zithunzi n'kuzigawa. Pali zija mkwatibwi waima yekha m'munda wamaluwa kapena pakhomo la tchalitchi, kumbuyo kwake kuli khoma kapena mitengo yosaoneka bwino. Izi zimatheka, makamaka zimene waima chapatali kapena watembenukira kumbali. Pali zija mkwati watsamiritsa tsaya pa tsitsi la mkazi wake, kapena akuvundukula velo pamaso pa abusa, zala zili mkati mwa nsalu. Izi zimadya maola ambiri ndipo kawirikawiri zimaonekabe kuti zagwiridwa. Tsono za perekaniperekani, mkwatibwi akuvina pakati pa khamu, ndalama zili m'malere, tsitsi likuuluka, n'zosayesa n'komwe. Yankho lachilungamo limakhala lakuti: "Achemwali, ndikonza ziwiri kapena zitatu zoika m'fulemu, mtengo wake ndi wa chithunzi chilichonse payekha, ndipo ndiyamba ndi chimodzi kuti muone musanalipire zinazo."

Ayeneranso kumukumbutsa kuti vidiyo siisintha, ndipo zithunzi zimene achibale anajambula pa mafoni awo zinafalikira kale. Alubamu imene tsamba loyamba mkwatibwi wamanga tsitsi, lachiwiri wavala wigi, lachitatu wamanganso, imadzutsa mafunso ambiri kuposa wigi yotererayo.

Za fayilo n'zofunika kuzitchula. Ntchito yotere imachitika pa fayilo yoyambirira ya mu kamera, imene ojambula amati RAW. Kamera ya mamegapikiselo 24 imatulutsa chithunzi cha timadontho 6000 m'litali ndi 4000 m'lifupi, ndipo kuti chithunzi cha mainchesi 8 kwa 10 chituluke chakuthwa pa pepala pamafunika timadontho 2400 kwa 3000. Chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp mwa nthawi zonse chimachepetsedwa, ukonde wa velo n'kusanduka utsi. Amene amatengera chithunzi chotere kwa mnyamata wina wa kompyuta, pothawa mtengo wa wojambula wake, amapeza kuti pa foni chikuoneka bwino koma chikasindikizidwa chachikulu zonse zili poyera.

Pali njira ina imene ojambula ambiri amaikonda, ndipo si yachilendo. Mfumukazi Victoria ya ku Britain inakwatiwa pa 10 Febuluwale 1840 itavala diresi loyera ndi velo ya lesi ya ku Honiton. Patapita zaka 7, mu 1847, inauza katswiri wojambula ndi penti, Franz Xaver Winterhalter, kuti aijambule itavala zaukwatizo, kuti ikhale mphatso kwa mwamuna wake Albert. Chithunzi cha ukwati chopangidwa ukwati utapita kale chili ndi mbiri yaitali chotero.

Kwa mkwatibwi wathu, izi zikutanthauza kubwerekanso diresi kwa tsiku limodzi, kupita ku saluni kukamangitsa tsitsi mmene akufunira, kupeza velo yaitaliyo, n'kukumana ndi wojambula pamalo omwe aja, pa ola lofanana ndi la tsiku lija kuti dzuwa likhale mbali yomweyo. Asachedwe nazo. Ukwati wa mu Okutobala umakhala ndi udzu wouma ndi mitengo ya jakaranda ya maluwa, koma pofika Januwale malo omwewo amakhala atabiriwira, ndipo zithunzi sizigwirizananso ndi zinzake. Ngati diresi silikupezeka, wojambula angathe kujambula mutu ndi mapewa okha mu situdiyo, atatsanzira kuwala ndi kapendekedwe ka mutu ka pa chithunzi chakale. Apa tsitsi ndi lake, khutu ndi lake, khosi ndi lake, ndipo kulumikiza kumachitikira pa mzere wa diresi pamene msoko subvuta kubisa.

Mfundo imodzi ndi ya kuno kwathu, ndipo wojambula wanzeru amaifunsa mwaulemu. M'mipingo ina velo ili ndi tanthauzo, ndipo amene akungodalitsa ukwati atakhala kale pabanja savala yophimba kumaso. Kutalikitsa velo imene inalipo n'kwina, kuika velo pamene panalibe n'kwinanso, makamaka ngati chithunzicho chikapachikidwa pabalaza pomwe ankhoswe ndi akulu a mpingo amakhala akabwera kudzacheza. Ndi bwino mwamuna adziwe za pempholi fulemu isanafike pakhomo.

Mkwatibwi amene akulemba kalata yotere atchule manambala a zithunzi zimene akufuna, anene kukula kwa pepala limene zidzasindikizidwepo, atumize chitsanzo cha tsitsi choonetsa kutsogolo, m'mbali ndi kumbuyo, ndipo apemphe kuti zithunzi zoyambirira zisungidwe osakhudzidwa. Afunsenso mtengo wa kukonza pa kompyuta ndi mtengo wa kujambulanso, aziike pamodzi. Zithunzi zofunika kusintha zikapitirira zitatu kapena zinayi, kuvalanso diresi ndiye njira yabwino, ndipo kawirikawiri ndi yotsikirapo mtengo.