Mitengo Yakale ya Masheya Ikhoza Kukunamizani

Munthu wa nzeru asanaike ndalama zake pa msika wa masheya, amayamba wayesa njira yake yogulira ndi kugulitsa pa mitengo ya zaka zapitazo, kuti aone ngati ikanapindula. Kompyuta siphonya masamu. Bodza limalowa pokonza mitengo ija.

Tiyeni titenge S&P 500, mndandanda wa makampani akuluakulu pafupifupi 500 a ku America. Ambiri amatenga mndandanda wa lero n'kuuyesa kuyambira chaka cha 2000. Komatu mmenemo simupezamo Enron, yomwe inagwa mu 2001, ngakhalenso Lehman Brothers, yomwe inagwa mu 2008. Amene anali pamsika nthawi imeneyo ankagula masheya amenewa, ndipo ndalama zawo zinalowa m'madzi.

Onani masamu ake. Tinene kuti mwagula masheya m'makampani khumi, madola 100 kampani iliyonse. Awiri agwa osatsala kanthu, asanu ndi atatu akwera kufika madola 150. Munaika 1,000, mwatuluka ndi 1,200: phindu la 20 peresenti. Mukawerenga opulumuka okha, zioneka ngati 800 yabala 1,200, phindu la 50 peresenti lomwe palibe anaponya m'thumba. Mankhwala ake ndi kugwiritsa ntchito mndandanda wa tsiku lililonse monga unalili pa tsikulo, ndipo kampani yogwa isangozimiririka mwakachetechete: lembani mtengo wake womaliza, ngakhale utakhala ziro. Nkhokwe ya CRSP, yomwe inayambira ku yunivesite ya Chicago, imasunga ndi makampani ochotsedwa omwe pa chifukwa chimenechi.

Vuto lachiwiri ndilo limandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa silioneka msanga. Ndi kulola kompyuta kusuzumira zam'tsogolo, ngati wophunzira wolowa m'mayeso ndi likasa. Tesla inalowa mu S&P 500 pa 21 Disembala 2020, mtengo wake utakwera kale kwambiri. Kuiika pa mndandanda wa 2015 ndi kugula wopambana mpikisano utatha. Chimodzimodzi malipoti a zachuma: chaka cha kampani chikatha pa 31 Disembala, lipoti limatuluka patapita masabata kapena miyezi. Munthu wa pa 2 Januwale sanalione, choncho kompyuta nayonso isalione. Nambala iliyonse ikhale ndi masiku awiri, tsiku limene ikunena ndi tsiku limene anthu anaidziwa, ndipo poyesa tsatirani lachiwirilo. Ngati chiganizo chogula chachokera pa mtengo wotsekera msika Lolemba, kugulako kuchitike Lachiwiri.

Mungadziwe bwanji kuti zalakwika? Fufuzani Enron ndi Lehman m'mitengo yanu. Ngati mulibe, mwasunga opulumuka okha. Kenaka chedwetsani kugula kulikonse ndi tsiku limodzi. Phindu lonse likasungunuka, kaikirani kuti kompyuta imaonera mayankho, ndipo musaikepo ndalama zanu musanapeze pamene ikuonera.