Kukaniza kwa Madzi: Chimene Chimamaliza Mafuta a Boti

Boti lililonse loyenda pamadzi limalimbana ndi mphamvu imene imalikokera m'mbuyo. Mphamvu imeneyi ndi kukaniza kwa madzi, ndipo mafuta amene injini imawotcha, kapena thukuta la munthu wopalasa ndi nkhafi, amathera pa kuigonjetsa. Madzi ndi olemera kuposa mpweya pafupifupi ka 800. Munthu amene anayesapo kuthamanga m'madzi ofika m'chiuno amadziwa kuti kuyenda pang'onopang'ono n'kotheka, koma akangofuna kufulumira madziwo amamugwira miyendo. Zimenezi n'zimene zimachitikanso kwa mabwato osema ndi maboti a fayiba a pamtsinje wa Luangwa, kuyambira kumadera a mafumu Luembe ndi Nyalugwe m'boma la Nyimba, kudutsa pa ulalo wa Luangwa pa msewu waukulu wochokera ku Lusaka kupita ku Petauke ndi Chipata, mpaka kumene mtsinjewu umathira mu Zambezi moyang'anana ndi Zumbo.

Kukanizaku kumachokera ku zinthu zitatu. Choyamba ndi kukhulana kwa madzi ndi thupi la boti. Madzi okhudza thupilo amamatirira ndipo amakokedwa nalo, iwonso n'kukoka ena oyandikana nawo, motero boti limayenda litanyamula kansalu kopyapyala ka madzi mbali zonse. Kukhulanaku kumakula molingana ndi kukula kwa gawo lomira komanso kukhakhala kwake. Bwato wokhala masabata ambiri pa dooko osakokeredwa kumtunda umamera ndere kunsi, ndipo boti la fayiba lokhulika pa mchenga ndi miyala limachita mikwingwirima ndi zigamba. Zonsezo zimalemeretsa ulendo, ngakhale katundu atakhala yemweyo. Pa liwiro lochepa, monga la munthu wopalasa, kukhulana ndiko kumatenga gawo lalikulu, choncho kupala ndere ndi kusalaza zigamba ndi ntchito yobweza phindu msanga.

Chachiwiri ndi maonekedwe a thupi la boti. Madzi ayenera kupatuka kutsogolo ndi kukumananso kumbuyo. Anthu ambiri amayang'ana mphuno yokha, kuti ikhale yosongoka, koma kumbuyo n'kofunikanso chimodzimodzi. Thupi likamachepa pang'onopang'ono, madzi amalitsata bwino n'kutsekana mwakachetechete. Likathera mwadzidzidzi, madzi amalephera kukhota, amalekana ndi thupilo n'kuyamba kuzungulirazungulira, ndipo pamalo pamenepo pamakhala ngati pakuyamwa boti kulibwezera m'mbuyo. Osema mabwato anazindikira zimenezi kalekale popanda masamu: bwato wabwino ndi wautali, wopapatiza ndi wochepa mbali zonse ziwiri. Boti la injini lili ndi vuto lakelake pamenepa, chifukwa kumbuyo kwake ndi thabwa lafulati pomangirira injini. Matumba a chimanga kapena zigubu za petulo zikaunjikidwa kumbuyo, pamene woyendetsa ndi injini ali kale, thabwalo limamira ndipo limakoka mulu wa madzi owinduka. Chizindikiro chake chimaoneka ndi maso: madzi amabwatamuka n'kumatsatira boti, m'malo mochoka mosalala. Mankhwala ake ndi kusuntha katundu wolemera kupita pakati mpaka boti litakhala mowongoka.

Chachitatu, chomwe chimadya kwambiri mafuta liwiro likakwera, ndi mafunde amene botilo limapanga lokha. Funde lililonse lochoka pa mphuno ndi madzi okwezedwa m'mwamba, ndipo mphamvu yowakwezera imachokera mu thanki. Munthu amene anafufuza zimenezi mwadongosolo ndi William Froude wa ku England, yemwe anamwalira mu 1879. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1870 anamanga dziwe lalitali ku Torquay, mmene ankakokamo timaboti toyesera, ndipo anasonyeza kuti kukhulana ndi mafunde ziyenera kuwerengedwa padera. Njira yakeyo ikugwiritsidwabe ntchito poyesa sitima zatsopano.

Mfundo ya mafunde ili motere. Boti likamathamanga, funde lake limatalika. Pa liwiro lochepa, m'mbali mwa boti mumaoneka timafunde tingapo tating'ono. Liwiro likakwera timachepa chiwerengero n'kukula, mpaka patatsala funde limodzi lotalika ngati boti lenilenilo: nsonga imodzi pa mphuno, ina kumbuyo, boti litakhala m'chigwa pakati. Kuti lipitirire pamenepo liyenera kukwera funde lake lomwe. Mphuno imadzuka, kumbuyo kumatitimira, injini imalira kwambiri, koma liwiro limangowonjezeka pang'ono. Malire amenewa amawerengedwa motere, L akuimira kutalika kwa gawo lokhudza madzi m'mamita, ndipo v ndi makilomita pa ola:

```
v = 4.5 × √L
```

Bwato wa mamita 4 umafika pa malirewa pa makilomita 9 pa ola, pamene boti la mamita 9 limafikapo pa 13.5. N'chifukwa chake boti lalitali limayenda mopepuka kuposa lalifupi lonyamula katundu wofanana. Thupi lopapatiza kwambiri limakankha madzi ochepa, motero limatha kudutsako malirewa popanda chilango chachikulu, koma lotakata ndi lolemedwa silingathe.

Ubale wa liwiro ndi mafuta ndi umene woyendetsa aliyense ayenera kuugwira bwino, chifukwa sutsata mzere wowongoka. Liwiro likawirikiza kawiri, boti limakumana ndi madzi ochuluka kawiri pa mphindi iliyonse, ndipo limawakankha mofulumira kawiri, choncho kukaniza kumakula kanayi. Mphamvu yofunika kwa injini imakula ka 8, popeza kukaniza kwakukuluko kukugonjetsedwa pa liwiro lowirikiza. Ulendo umafupika ndi theka, koma mafuta a ulendo wonse amachulukabe kanayi. Pafupi ndi malire a funde aja, kukwerako kumaposa pamenepa.

Chitsanzo chongoyerekeza chingathandize. Boti la mamita 9 lili ndi ulendo wa makilomita 24 pamadzi odekha, ndipo pa makilomita 12 pa ola injini yake imamwa malita 4 pa ola. Lifika m'maola 2 litatha malita 8. Woyendetsa akatsitsa liwiro kufika pa 8, ndiye kuti akuyenda magawo awiri mwa atatu a liwiro loyamba, ndipo mphamvu yofunika imatsika kufika pa magawo 8 mwa 27, kapena kuti pafupifupi malita 1.2 pa ola. Ulendo utenga maola 3 ndipo utha malita 3.6. Ola limodzi lowonjezera lapulumutsa malita opitirira 4. Pa boti lenileni phindu limachepako, chifukwa injini zing'onozing'ono zomangirira kumbuyo, makamaka zosakaniza petulo ndi oyilo, zimawononga mafuta zikamayenda ndi moto wochepa kwambiri. Komabe kusiyana kumakhalapo ndithu, ndipo kwa munthu amene amagula petulo ku Nyimba n'kumunyamula mtunda wautali kupita kuchigwa, lita iliyonse yotsala m'chigubu ndi ndalama. Makampani a sitima zikuluzikulu zonyamula makontena anatsata masamu omwewa mafuta atakwera mtengo cha m'ma 2008. Pa mawerengedwe, kuchepetsa liwiro ndi 10 peresenti kumatsitsa mphamvu yofunika ndi 27 peresenti, ndipo mafuta a ulendo wonse ndi pafupifupi 19 peresenti.

Mtsinje wa Luangwa umawonjezera zinthu ziwiri zimene sizipezeka pa madzi akuya ndi odekha. Choyamba ndi kuchepa kwa madzi. Pofika Seputembala ndi Okutobala mtsinjewu umaphwa kwambiri, mchenga n'kuonekera paliponse. M'madzi osaya funde silingathamange kupitirira liwiro lina: pa kuya kwa mita imodzi ndi pafupifupi makilomita 11 pa ola, ndipo pa theka la mita ndi pafupifupi 8. Boti likayandikira liwiro limenelo, funde lake limatukumuka, kumbuyo kumatitimira, ndipo kukaniza kumakwera modzidzimutsa. Woyendetsa wosadziwa amaganiza kuti injini yafooka n'kuwonjezera moto, ndipo mapeto ake pulopela imakumba mchenga n'kupindika kapena kubenthuka m'mphepete. Pulopela yoteroyo imawononga mafuta pa maulendo onse otsatira. Choyenera pamalo osaya ndi kutsitsa moto ndi kufunafuna njira ya madzi akuya, imene kawirikawiri imadutsa kunja kwa khota la mtsinje.

Chachiwiri ndi kuthamanga kwa madzi, makamaka nthawi ya dzinja mtsinje ukadzaza. Kukaniza kumatengera liwiro la boti m'madzi, koma ulendo umayezedwa pa mtunda. Potsika ndi madzi palibe chifukwa chothamangira: moto wochepa wokwanira kuwongolera boti ndi wokwanira. Pokwera, lamulo la kuyenda pang'onopang'ono lili ndi malire. Ngati madzi akuyenda makilomita 4 pa ola, boti loyenda 5 m'madzi likungosuntha kilomita imodzi pa ola, ndipo injini ikhala ikulira tsiku lonse. Masamu amasonyeza kuti mafuta amachepetsetsa boti likamayenda kamodzi ndi theka ka liwiro la madziwo, kutanthauza 6 pa chitsanzochi. Pa 8 mafuta amakwera pang'ono chabe, osafika gawo limodzi mwa asanu, pamene nthawi ya ulendo yatsika ndi theka, choncho 8 ndi chisankho chanzeru. Pa 12 mafuta amawirikiza kawiri. Asodzi amawonjezera luso lina pamenepa: pokwera amatsata m'mbali ndi mkati mwa khota, mmene madzi amayenda mofooka, bola pakhale pozama mokwanira ndiponso patali ndi mvuu.

Pali mtundu umodzi wa kayendedwe umene umaoneka ngati ukuphwanya zonsezi. Boti lopepuka, lafulati kunsi chakumbuyo, lokhala ndi injini yamphamvu, limatha kukwera funde lake n'kuyamba kutsetsereka pamwamba pa madzi. Likatero gawo lomira limachepa ndipo mafunde amaphwa, motero pa kilomita iliyonse lingathe mafuta ochepa kuposa pamene linali kulimbana ndi funde lija, ngakhale kuti silifika pa kuchepa kwa mafuta a liwiro lodekha. Boti lotere lili ndi malo awiri abwino oyendera: pansi pa malire a funde, kapena litatsetsereka bwinobwino ndi moto wotsitsidwa pang'ono. Malo oipitsitsa ndi apakati, mphuno ili m'mwamba ndi funde lalikulu kumbuyo, ndipo ndi pomwe boti lodzaza anthu ndi matumba limakakamira injini ikakhala yaing'ono. Ngati moto wonse watsegulidwa koma mphuno siikutsika, boti limenelo silitsetsereka ndi katundu ameneyo, ndipo liyenera kubwerera pa liwiro lodekha.

Liwiro loyenera boti lina lililonse limadziwika poyesa. Woyendetsa amasankha mtunda wodziwika, amayenda kupita ndi kubwera kuti mphamvu ya mtsinje isasokoneze kwambiri zotsatira, kenaka amadzazanso thanki ndi botolo la muyezo wodziwika. Akabwereza pa moto wosiyana katatu, ndi katundu wofanana ndi wa masiku onse, amapeza malita pa kilomita a liwiro lililonse. Nambala yoyenera kuyerekeza ndi imeneyo, osati malita pa ola.