Luso uli nalo, koma angakulipire ndani?

Mukatsegula masitetasi a WhatsApp a achinyamata omwe angomaliza maphunziro, simulephera kuona kachikwangwani kotere: timataipa, timapanga maposita, timajambula pa ukwati, timalemba ma CV, timamasulira, timakonza makompyuta. Mwini wake amaganiza kuti akachulukitsa ntchito ndiye kuti wachulukitsanso makasitomala. Koma wogula akawerenga mndandanda wotere sadziwa kuti munthuyu ndi katswiri wa chiyani, ndipo mapeto ake amamupatsa kantchito kotchipa kamene aliyense angagwire. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo pa ntchito yodzilemba wekha mawuwa amapherezera mwachangu, chifukwa palibe bwana wokulipira pakutha pa mwezi uku ukufufuzabe pogwira.

Kusankha gawo limodzi loti udziwike nalo sikuyambira pa funso lakuti "ndimakonda chiyani?" Kumayambira pa mafunso awiri oyendera limodzi: ndi ntchito iti imene ndinaigwirapo mpaka kuimaliza bwino, ndipo ndani amene akutulutsa kale ndalama kuti wina amugwirire ntchito yoteroyo? Funso lachiwirili ndi limene ambiri amalilumpha, pomwe ndi limene limabweretsa ndiwo pakhomo.

Tiyerekeze mtsikana wa ku Zomba amene ali ndi dipuloma, laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito, ndi miyezi ingapo yomwe anagwirapo ganyu yofunsa mafunso m'midzi pa kafukufuku wa zaumoyo. Amalankhula Chichewa ndi Chiyao, amalemba Chingerezi chomveka, amataipa mofulumira, ndipo amakonda kupanga maposita pa Canva. Mukamufunsa luso lake, atchula maposita, chifukwa ndi zomwe anzake amamuyamikira nazo. Zilankhulo saziwerengera n'komwe, poti anabadwa nazo. Ganyu ya kafukufuku ija amaiona ngati mbiri yakale.

Choyamba chomwe ayenera kuchita ndi kulemba papepala ntchito zimene anazimalizapo, osati mayina a maphunziro. "Ndimadziwa kompyuta" si luso logulitsika. Koma "ndinamvetsera zokambirana za amayi khumi m'Chiyao, ndikuzilemba liwu ndi liwu, kenako ndikuziika m'Chingerezi, woyang'anira osandibwezera" ndi luso, chifukwa lili ndi chiyambi, mathero ndi mboni. Akalemba chonchi, aona kuti zinthu zimene amazipeputsa zija, zikaphatikizana, zikupanga ntchito imodzi yomwe si aliyense angaithe: khutu la zilankhulo ziwiri, zala zothamanga, komanso kudziwa momwe kafukufuku amayendera.

Tsopano atembenukire kwa ogula. Posita ya phwando la tsiku lobadwa kapena ya msonkhano wa achinyamata ku tchalitchi imafunidwa ndithu, koma woifuna nthawi zambiri amalipira kuchokera m'thumba mwake, ali ndi mphwake amene angamupangire ulere, ndipo ikachedwa palibe chimene chimaonongeka. Kufuna chinthu n'kosiyana ndi kuchisowa mpaka kusowa tulo. Wofufuza wa pa yunivesite kapena bungwe limene lajambula mawu a zokambirana makumi atatu m'midzi ali pa vuto lenileni. Sangayambe kusanthula zomwe anthu ananena zisanalembedwe, lipoti lili ndi tsiku lake loti lifike kwa opereka thandizo, ndipo kawirikawiri ndalama ya ntchito yolemba ndi kumasulirayo inaikidwa kale mu bajeti. Apa pali zizindikiro zitatu za kasitomala wolipira: ali ndi tsiku lomupanikiza, ali ndi thumba loikidwiratu, ndipo vuto lake limabwereranso pulojekiti ina ikayamba. Ine ndikaona gawo limene likusowa ziwiri mwa zitatuzi, ndimati ndi losangalatsa kuchita Loweruka masana, osati lodalira pa lendi.

Zimenezi sazidziwa pongoganiza ali m'nyumba. Atenge nyuzipepala za The Nation ndi The Daily Times za milungu ingapo, ayang'ane masamba a ntchito ndi a matenda, alembe ntchito zakanthawi zomwe zikubwerezedwa. Aone pa Upwork zomwe olemba ntchito akufunsa pa zilankhulo zathu, komanso kuchuluka kwa anthu amene akulimbirana ntchito iliyonse. Koma choposa zonsezi ndi kulankhula ndi anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi amene amalemba ena ntchito yotere, kuyambira woyang'anira wake wakale uja. Asawafunse kuti "mungandilembe ntchito?" chifukwa ife Amalawi sitikonda kukhumudwitsa munthu pamaso, tingoti "tidzakuimbirani." Awafunse za m'mbuyo: ulendo watha munapatsa ndani, anatenga masiku angati, munalipira motani, nanga chinakukwiyitsani n'chiyani? Yankho la funso lomalizali ndi la mtengo wapatali. Wina anganene kuti wolembayo ankafupikitsa zonena za anthu m'malo molemba zonse. Wina anganene kuti sanasiyanitse olankhula, kapena kuti mayi atanena kuti mwana anali ndi "liwombo", womasulira anangoika dzina la matenda lachipatala limene mayiyo sanatanthauze. Madandaulo amenewa ndiwo akuuza mtsikana uja chimene ayenera kulonjeza.

Kenako pabwere masamu, ndipo apa ndi pamene maloto ambiri amathera. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekezera, aliyense aike ake. Tinene kuti akufuna K400,000 pamwezi yoti adye ndi kulipira nyumba, kuphatikizapo K80,000 ya bandulo, magetsi, thiransipoti ndi yosungira tsiku limene laputopu idzafe. Zonse pamodzi ndi K480,000. Mwezi uli ndi maola ambiri, koma si onse olipidwa. Ena amapita polemba makotesheni, potsatira ndalama, podikira magetsi a ESCOM, ndipo milungu ina ntchito kulibe. Akawerengera maola 60 olipidwa pamwezi, ola lake liyenera kubweretsa K8,000.

Kasitomala wa ntchitoyi salipira maola a wolemba, amalipira potengera kutalika kwa mawu ojambulidwa. Ola limodzi la munthu mmodzi wolankhula momveka limatenga maola anayi kapena kuposerapo kulilemba. Likakhala gulu lokambirana pansi pa mtengo, mphepo ikuomba, ana akulira, atambala akulira, anthu atatu akulankhula nthawi imodzi, maola asanu ndi limodzi amakwana osadziwa. Kuika m'Chingerezi ndi kuwerenganso kungatenge ena anayi. Ndiye kuti ola limodzi la mawu ndi maola khumi a ntchito, ndipo mtengo wake uyenera kukhala pafupifupi K80,000. Kasitomala akanena K30,000, zimamveka zambiri kwa munthu amene akuganiza za ola limodzi, koma kwenikweni akugwira ntchito ya K3,000 pa ola, ndipo mwezi wonse sangafike ngakhale theka la zomwe akufuna. Masamu akakana chonchi kwa makasitomala onse amene walankhula nawo, vuto si khama lake. Gawolo silikulipira, ndipo ndi bwino kudziwa zimenezi asanagule mahedifoni odula.

Masamu akalola, ayese kaye pang'ono. Ajambule zokambirana za mphindi khumi ndi achibale amene avomera, azilembe mwaukhondo, aike nthawi m'mbali, asiyanitse olankhula ndi manambala m'malo mwa mayina, ndipo mawu ovuta kumasulira awasiye m'chilankhulo chake n'kuwafotokoza pansi. Chimenecho ndicho chitsanzo chotumiza. Asayerekeze kutumiza zomwe analemba pa ganyu yakale ija, chifukwa anthu amene anayankha mafunso analonjezedwa chinsinsi, ndipo wofufuza aliyense wanzeru akaona kuti waulutsa za ena adziwa kuti adzaulutsanso zake. Uthenga wodzigulitsa ukhale wa chiganizo chimodzi: ndimalemba ndi kumasulira zokambirana za kafukufuku wa zaumoyo kuchokera m'Chichewa ndi Chiyao kupita m'Chingerezi, ola limodzi la mawu pa masiku awiri. Wowerenga adziwa nthawi yomweyo ngati akumufuna, ndipo ngati sakumufuna, akumbukira mnzake amene akumufuna.

Pakatha miyezi itatu zizindikiro zimakhala zitaoneka. Ngati anthu akuyamikira chitsanzo koma palibe wopempha kotesheni, ndiye kuti akulankhula ndi anthu opanda mphamvu pa ndalama, kapena vutolo si lalikulu monga amaganizira. Ngati akupempha kotesheni kenako n'kungoti zii, mtengo sukugwirizana ndi thumba lawo, kapena sanakhutire kuti iye akusiyana pati ndi wotchipa. Chizindikiro chabwino kuposa zonse si chiyamiko, koma kasitomala wobweranso kachiwiri osanenerera, kapena foni yochokera kwa mlendo yakuti "nambala yanu andipatsa akutiakuti."

Pali zina zimene zimagwetsa munthu ngakhale gawo lili labwino. Mabungwe salipira ngati wogula pamsika. Amafuna invoisi, akaunti ya kubanki ndi nambala ya msonkho ya TPIN yochokera ku MRA, amadula msonkho asanalipire, ndipo ndalama imatha milungu ikuyenda m'maofesi. Wodzilemba yekha afunse za zimenezi asanayambe, apemphe satifiketi ya msonkho wodulidwawo, ndipo pa ntchito yaikulu apemphe gawo la malipiro poyamba. Amene akufuna makasitomala akunja awerengerenso zodulidwa: Fiverr imatenga 20 peresenti ya zomwe wogulitsa walandira, ndipo ndalamayo imadulidwanso poibweretsa kuno.

Chinanso n'chakuti gawo lopapatiza lingathe kuuma tsiku limodzi. Boma la Amerika litaimitsa thandizo lochuluka lodzera ku USAID mu 2025, mapulojekiti ambiri anaima, ndipo amene ankadya kuchokera kwa kasitomala wa mtundu umodzi anaona zakuda. Mankhwala ake si kubwerera ku mndandanda wa ntchito khumi uja ayi. Mtsikana wathu asunge luso lomwelo koma alipezere ogula a mitundu ina: ophunzira a digiri yachiwiri ndi yachitatu amene ali ndi zokambirana zawo, opanga mafilimu ofuna mawu olembedwa pansi pa kanema, makampani ofufuza maganizo a ogula. Pang'onopang'ono angaonjezere ntchito yoyandikana nayo imene makasitomala omwewo amapempha, monga kumasulira mafunso a kafukufuku kapena kuwakonza pa KoboToolbox.

Inu amene mukuwerenga mwina simudziwa Chiyao, ndipo simunagwirepo za kafukufuku. Mwina munasungapo mabuku a ndalama pa sitolo ya amalume, kapena munaphunzitsapo masamu a Fomu 4. Sabata ino lembani ntchito zitatu zomwe munazimalizapo bwino, pezani anthu asanu amene analipirapo wina pa imodzi mwa izo, ndipo muwafunse kuti analipira zingati komanso chinawakwiyitsa n'chiyani. Musasindikize chikwangwani musanamve mayankho awo.