Khodi ya QR ikati "Genuine", walankhulayo ndani?

Mwezi watha ndinagula chaja ya foni m'kashopu kena ku Limbe. Pakatoni pake panali khodi ya QR, kabokosi ka timadontho takuda ndi toyera kaja. Nditafika kunyumba ku Chinyonga ndinalozetsapo kamera, ndipo panatseguka tsamba lokongola lolembedwa `Genuine`, kutanthauza kuti katunduyo ndi weniweni. Patangopita masiku atatu chajayo inayamba kutentha mpaka kununkha pulasitiki. Ndiye kodi khodi ija inandinamiza? Ayi. Ndinalakwa ndine, chifukwa ndinafunsa wakuba ngati waba.

Tiyambe ndi chomwe kamera imaona. Malo oyera amabweza kuwala kwambiri, pomwe malo akuda amakumeza. Foni imasandutsa kusiyanaku kukhala 0 ndi 1, kenako zilembo, zomwe nthawi zambiri zimakhala adiresi ya webusayiti. Basitu. Kampani ya ku Japan ya Denso Wave inapanga khodi imeneyi mu 1994 kuti izithandiza kulondoloza zipangizo za galimoto m'fakitale, osati kugwira akuba. Kalembedwe kake si kachinsinsi, moti aliyense atha kupanga yake pa intaneti, ulere, mphindi imodzi isanathe. Kuwala kochoka papepala sikunena kuti wasindikiza ndani.

Achinyengo ali ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi kukopera khodi yeniyeni. Izi ndinayesa ndi a Fomu 3: tinachita fotokope khodi ya pakatoni ina, kenako tinachitanso fotokope ya fotokopeyo. Zonse zinatsegula tsamba limodzimodzi. Tinadetsako pang'ono ndi bolopeni, koma inawerengekabe, chifukwa khodi zina zimapirira ngakhale pafupifupi magawo 30 pa 100 alionse atawonongeka. Choncho khodi imodzi yeniyeni itha kumatidwa pa makatoni 1,000 abodza, onse n'kumakufikitsani patsamba lenileni la kampani.

Njira yachiwiri ndi imene inandigwira ine. Wachinyengo amatsegula webusayiti yakeyake, n'kuikapo chizindikiro cha kampani, n'kusindikiza khodi yolozera kumeneko. Tsambalo limavomera chilichonse. Nditabwererako ndinalemba dala nambala yongopeka, koma linayankhabe kuti `Genuine`. Nthawi zina amangomata sitika yawo pamwamba pa khodi yeniyeni, ndiye muziyamba mwapapasa ndi chala kuti mumve ngati pali kamsomphoka.

Nanga mungadziteteze bwanji? Mafoni ambiri amayamba aonetsa adiresi asanaitsegule. Musathamangire kudina, yambani mwaiwerenga. Tiyerekeze ndi adiresi ya bungwe lotolera misonkho la MRA, yomwe ndi `mra.mw`. Yachiwiriyi ndangopeka kuti tiphunzirepo:

```
https://www.mra.mw/
https://mra.mw.tsimikiza.example/ok
```

Dumphani `https://`, fufuzani kamzere `/` koyamba, ndipo muwerenge chobwerera kumanzere. Dzina lomwe lagundana ndi kamzereko ndiye mwini nyumba. Pamzere woyamba mwini wake ndi `mra.mw`. Pachiwiri mwini wake ndi `tsimikiza.example`, ndipo `mra.mw` yomwe ili koyambirira ndi chikwangwani chabe chomwe wapachika pageti. Samalaninso ndi zilembo zofanana: `rn` pa foni yaing'ono imaoneka ngati `m`. Adiresi yofupikitsidwa, monga yoyamba ndi `bit.ly`, imabisa komwe mukupita. Ndipo `https` kapena kachithunzi ka loko sikatanthauza kuti mwini tsamba ndi wachilungamo. Kamangonena kuti a panjira sangawerenge zomwe mukutumizirana naye.

Koma kuwerenga adiresi sikugwira khodi yokopera ija. Apa pamafunika nambala yomwe paketi iliyonse ili ndi yakeyake, yobisika pansi pa utoto wopala ngati wa khadi ya mayunitsi. Ku Nigeria bungwe loona za mankhwala la NAFDAC linayamba njirayi mu 2010: wogula amapala, n'kutumiza nambalayo pa meseji. Kompyuta imakumbukira nambala iliyonse yomwe yafunsidwa. Ikakuuzani kuti nambalayi inafunsidwa kale, chonsecho mwapala ndinu, dziwani kuti wina anaikopera. Paketi yopalidwa kale musagule.

Ngakhale apa pali msampha: nambala yotumizako meseji ikakhala yolembedwa papaketi pomwepo, wachinyengo athanso kuisintha. Ndiye lamulo ndi limodzi: mboni isachokere papaketi yomwe mukuikayikirayo. Adiresi kapena nambala ya kampani muipeze kwina, monga kwa ejenti wovomerezeka, n'kuilemba nokha.

Tsamba likakupemphani nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena TNM Mpamba, kapena likati muike apu kaye, litsekeni pompo. Kutsimikiza katundu sikufuna zimenezo. Mukakayikira mankhwala, musamwe. Kauzeni a PMRA, omwe amayang'anira mankhwala m'dziko muno. Za katundu wina, a Malawi Bureau of Standards ali pafupi pompano ku Chichiri. Katoni ya chaja ija ndinaisunga mu labu. Lachinayi aliyense adzawerenga yekha adiresi yake, n'kundiuza kuti mwini nyumba ndani.